Mmene Ndimatsekerera Mchira wa Mndandanda Wosatha Pakati pa Malire Awiri

Ophunzira amene ndimawathandiza masamu kuno ku Dedza akapatsidwa mndandanda wosatha, ambiri amawonkhetsa manambala oyambirira n'kulemba yankho, osanena kukula kwa zimene azisiya. Ine sindikhutira mpaka gawo lotsalalo, limene timalitcha mchira, litakhala ndi malire a m'munsi ndi a pamwamba.

Nditenge 1 + 1/4 + 1/9 + 1/16 + ..., pamene nambala iliyonse ndi 1/n². Ndikawonkhetsa manambala khumi oyambirira ndimapeza 1.549768, ndipo mchira umayambira pa 1/121.

Ndisanagwire intigiralo, imene imayeza kukula kwa malo a pansi pa girafu, ndimatsimikiza kaye kuti f(x) = 1/x² ndi yoposa ziro, girafu yake siduka, ndiponso imatsika mosalekeza kuyambira pa x = 10. Kutsikaku ndiko kumanyamula njira yonseyi. Pa mndandanda ngati (2 + (−1)ⁿ)/n², umene manambala ake amakwera ndi kutsika mosinthana, njirayi sigwira mwachindunji.

Kenako ndimajambula nambala iliyonse ya mumchira ngati rekitango ya mulifupi 1 ndi msinkhu 1/n². Ndikaika rekitango ya 1/121 pakati pa x = 10 ndi x = 11, msinkhu wake umafanana ndi wa girafu kumapeto a kumanja, kumene girafuyo yatsika kwambiri, choncho rekitango yonse imakhala pansi pa girafu, ndipo zotsatira zake zonse zimateronso. Motero mchira ndi wochepera intigiralo ya 1/x² kuchokera pa 10 mpaka kosatha, imene ndi 1/10. Ndikasuntha marekitango omwewo malo amodzi kupita kumanja, kuti yoyambayo ikhale pakati pa 11 ndi 12, onse amatulukira pamwamba pa girafu, ndipo mchira umaposa intigiralo yochokera pa 11, imene ndi 1/11. Ambiri amasokoneza malire awiriwa chifukwa choloweza pamtima, n'chifukwa chake ndimaumirira kuti rekitango yoyamba ijambulidwe nthawi zonse.

Ndikaphatikiza 0.090909 ndi 0.1 ku 1.549768, ndimapeza kuti mndandanda wonse uli pakati pa 1.640677 ndi 1.649768. Pakatikati pake ndi 1.645222, ndipo ndikapereka nambala imeneyi ndimadziwa kuti sindingaphonye ndi zoposa theka la mpatawo, pafupifupi 0.0045. Leonhard Euler anapeza kuti yankho lenileni ndi π²/6, kapena 1.644934, ndipo likugweradi m'katimo.

Ndikawonkhetsa manambala N oyambirira, mpatawo ndi 1/N − 1/(N+1), kutanthauza 1/(N(N+1)), ndipo umandiuza ndisanayambe kuchuluka kwa manambala oti ndiwonkhetse. Ndikafuna mpata wochepera 0.0001, N = 100 ndi yokwanira, pamene kungowonkhetsa manambala 100 popanda intigiralo kumasiya mchira wa pafupifupi 0.01.