Koma ndiye mwafikapotu

Ndagona kale koma tulo sitikubwera, nkhani yake ya madiresi atatu aja ndinapita nawo ku msonkhano wa amayi ku tchalitchi ku Mabvuku, kuno ku Harare. Achitenje, ndasoka ndekha, lililonse madola 15.

Woyamba kugwira anali mayi wina amene timakwera naye kombi. Sanalitambasule nkomwe, anangoligwira ndi zala ziwiri nkuti, "Eee koma ndiye mwafikapotu amake Chisomo, mpaka madola 15? Posachedwa tizikakupezani ku Borrowdale." Ine kupusa kwanga ndinati zikomo, mpaka kuwomba m'manja. Ndadzazindikira ndili pa mbaula madzulo ano kuti amandinyogodola. Diresi sanalitchule olo pamodzi, amayamikira ine ndi mtengo basi, ndipo polankhula maso anali kwa mnzake wa pambali, kudikira kuti aseke. "Mwafikapotu" wakeyo anamukoka motalika ngati akuimba nyimbo, ndiye ya Borrowdale ija, kwa anthu olemera, chonsecho akudziwa bwinobwino kuti makina anga ali pakhonde ku Tafara ndipo magetsi akazima ntchito imaima.

Pomwe agogo ena aja, sanamwetulire ngakhale pang'ono moti ndimaganiza kuti sanalikonde. Analitembenuza diresi kunja kukhala mkati, kukoka msoko wa m'khwapa kuti aone ngati ungasomoke, kutsegula zipi nkutseka katatu. Kenako anati, "Mwanawe zipi waika bwino, maluwa a chitenje akumana pamsana, koma mpenderowu wakhota kuno." Ndinayang'ana, unalidi wokhota. Anamasula mfundo ya pampango nkundipatsa madola 5, akuti otsalawo ndikawongola. Munthu mpaka kuona kuti maluwa akumana ndiye kuti wayang'anadi, zimene zija zimadya nsalu podula ndipo ambiri sazindikira.

Awiriwa ndathana nawo mumtima. Amene akundisowetsa mtendere ndi alamu anga. Potuluka anandigwira paphewa nkuti, "Alamu, dzanja lanu ndi lina ndithu." Basi. Dzanja lina bwanji? Sanaseke, panalibe womuyang'ana, mawu sanakoke, koma sanafunse mtengo, komanso anali pompo pamene agogo amaloza mpendero wokhota uja. Ndiye mawu amenewa angatanthauze luso, angatanthauzenso kuti dzanja lokhotetsa zinthu. Ndipo ndi omwewa chaka chatha anati keke yanga ndi "yosaiwalika" tsiku limene inapserera pansi.

Ndawafunsa abambo akunyumba, angoti iwe mlongo wanga amalankhula choncho, gona. Thandizo lake limenelo.

Ndaganiza zowatumizira uthenga mawa kuti alamu ndikusokereni lanu, ndione ngati atumize miyezo kapena ayambe za kuti mwezi ukatha. Koma mwina alibedi ndalama, ndiye ndidziwa bwanji. Mpendero uja ndausomola kale, uli apa pampando.