Sabata ya tanki, chivindikiro ndi thiyoremu ya daivejensi

Lolemba tinayamba mutu wa fulakisi ndi ophunzira a chaka chachiwiri pa koleji yathu kuno ku Chipata. Fulakisi ndi kuchuluka kwa zimene zikudutsa pa khoma, kaya ndi madzi, mpweya kapena mphamvu ya magetsi. Funso linali limodzi sabata yonse. Tili ndi tanki yooneka ngati mgolo, x² + y² ≤ 4, kutalika kwake kuchokera z = 0 mpaka z = 3, yotsekedwa pansi ndi pamwamba. Vekita yake ndi F = (x³, y³, z²). Kodi zotuluka m'tankiyi n'zochuluka bwanji?

Tsiku limeneli tinadzera njira yaitali dala, chifukwa munthu amene sanavutike nayo samvetsa chimene thiyoremu ya daivejensi imamuchotsera. Tanki ili ndi mbali zitatu, ndipo mbali iliyonse ili ndi vekita yakeyake yoloza kunja. Pansi z = 0, choncho palibe chotuluka. Pa chivindikiro z² ndi 9, malo ake ndi 4π, zotuluka ndi 36π. Khoma lozungulira ndilo linadya nthawi. Vekita yoloza kunja ndi n = (x, y, 0)/2, ndipo pa khomali x = 2cosθ, y = 2sinθ, ndiye F·n = 8(cos⁴θ + sin⁴θ), ndipo dS = 2 dθ dz. Ambiri anaima pa cos⁴θ. Intigiro ya cos⁴θ + sin⁴θ kuchokera 0 mpaka 2π ndi 3π/2, choncho khoma limapereka 8 × 2 × 3 × 3π/2 = 72π. Zonse pamodzi 108π, bolodi itadzaza kawiri.

Lachiwiri funso lomwelo linatha m'mizere inayi. Thiyoremu imati zotuluka pa khoma lotsekedwa zimafanana ndi kuphatikiza zonse zimene zikutumphuka m'kati mwake: ∯ F·n dS = ∭ div F dV. Apa daivejensi ndi div F = 3x² + 3y² + 2z, kapena kuti 3r² + 2z, popeza r² = x² + y². Tikayamba ndi z kuchokera 0 mpaka 3 timapeza 9r² + 9. Tichulukitse ndi r, popeza dV = r dz dr dθ, kenako r ayende kuchokera 0 mpaka 2, tipeza 36 + 18 = 54. Kuchulukitsa ndi 2π kumatipatsa 108π yomweyo, popanda cos⁴θ ngakhale mmodzi.

Lachitatu linali la kuchonga, ndipo mayankho olakwa anandiuza okha pamene munthu anapunthwa. Amene analemba 84π anaiwala r wa mu dV, nkupeza 42 m'malo mwa 54. Amene analemba 180π anaika 4 pamalo pa x² + y². Kulakwa kwachiwiriku kumandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa Lolemba kuika 4 kunali kolondola. Tinali pa khoma, pamene r ndi 2 ponseponse. M'kati mwa tanki r amasintha kuyambira 0 pakati mpaka 2 m'mphepete. Mwana akalakwa chonchi ndiye kuti dzanja lalowa m'kati koma maganizo akadali pa khoma.

Lachinayi ndinachotsa chivindikiro. Pafupifupi onse analembabe 108π. Mtsikana wina wa ku Katete anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati tanki ili yosatseka ndiye kuti tibwerere ku njira ya Lolemba?" Ayi. Mumaitseka nokha ndi chivindikiro chongoganizira, nkugwiritsa thiyoremu, kenako nkuchotsa gawo la chivindikirocho: 108π − 36π = 72π. Chivindikiro n'chafulati, kuwerengera kwake n'kwa mzere umodzi. Chenjezo lili pa chizindikiro. Mukatseka pansi, vekita yoloza kunja imaloza pansi, −k, ndipo funso likafuna zolowa m'malo mwa zotuluka, yankho lonse limasintha chizindikiro.

Lachisanu tinafika pamene thiyoremu imakana. Tengani F = (x, y, z)/ρ³, pamene ρ ndi mtunda kuchokera pa (0, 0, 0). Umu ndi mmene mphamvu ya magetsi imafalikira kuchokera pa kadontho kamodzi, zimene lamulo la Gauss limafotokoza. Mukawerengera div F mumapeza 0, ndiye wophunzira wothamanga amalemba kuti fulakisi ndi 0. Koma pa mpira wa rediyasi a wozungulira dontholo, F·n = 1/a² ndipo malo ake ndi 4πa², choncho zotuluka ndi 4π. Vuto n'lakuti pa (0, 0, 0) F alibe mtengo, pamene thiyoremu imafuna kuti F ndi maderivetivu ake akhale osadukiza m'kati monse. Mankhwala ake ndi kudula kampira kakang'ono mozungulira dontholo. Pakati pa kampirako ndi khoma lakunja div F ndi 0 ndithu, choncho khoma lililonse lotsekedwa lozinga dontholo, likhale bokosi kapena mgolo, limatulutsa 4π, ndipo limene lasiya dontholo kunja limatulutsa 0. Ntchito ya kunyumba ndinawapatsa tanki yathu ija kawiri, poyamba −1 ≤ z ≤ 2, kenako 1 ≤ z ≤ 4, ndi F yomweyi.