Kusankha woyang'anira nyumba zanga za lendi ku Chitakale ndili ku Joni

Ndili ndi nyumba zitatu za lendi pa poloti imodzi ku Chitakale, kufupi ndi Mulanje boma, ndipo ine ndimagwira ntchito ku Joni. Nyumba iliyonse amalipira K120,000 pa mwezi, kutanthauza kuti zonse zimabweretsa K360,000. Ndisanasankhe pakati pa kulemba ejenti ndi kuyendetsa ndekha, ndinayamba ndalekanitsa ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuziphatikiza, zomwe ndi kutolera ndalama ndi kuona nyumbayo ndi maso.

Kutolera ndalama masiku ano sikufuna munthu wapakati. Wochita lendi akhoza kuika ndalama ku akaunti yanga ya ku banki kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ine ndimaona pa foni tsiku lomwelo. Magetsi nawonso savuta chifukwa nyumba iliyonse ili ndi mita yake ya ESCOM yogula mayunitsi, choncho amene sanagule amagona mumdima yekha popanda kundisiyira ngongole. Pamene pali vuto ndi pa madzi, chifukwa mita ya Southern Region Water Board ndi imodzi pa poloti yonse ndipo ili m'dzina langa. Mabanja atatu akamakanganirana kuti wagwiritsa ntchito madzi ambiri ndani, bilu imangounjikana, ndipo mwini nyumba amene ali kunja amamva nkhaniyo madzi atadulidwa kale.

Kenako ndinalankhula ndi maejenti awiri, onse a ku Limbe, popeza makampani ambiri otere ali ku Blantyre. Amene ndinamuona kuti ndi wodalirika ankafuna K10 pa K100 iliyonse yotoleredwa, yomwe ndi K36,000 pa mwezi kapena K432,000 pa chaka, ndalama yoposa lendi ya miyezi itatu ya nyumba imodzi. Mtengowo sunandidetse nkhawa kwenikweni. Funso limene ndinalimbikira linali lakuti adzafika kangati ku Chitakale, ndipo yankho linali lakuti kamodzi pa miyezi itatu, ulendo wina uliwonse ndilipire mafuta padera. Kwa nyumba ya ku Blantyre zimenezi zikhoza kukwanira, koma ku Mulanje mvula ndi yambiri, ndipo ngakhale dzinja litatha chiperoni chimasunga chinyezi m'makoma. Msomali umodzi ukasukusika pa lata mu Disembala, pofika Malichi siling'i yafufuma, thabwa la denga layamba kuola, ndipo chiswe chapeza njira. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsanso kuti ngalande yotsekeka kuseri kwa nyumba imagwetsa khoma usiku umodzi.

Ndinafunsanso ngati amadula gawo lake pa ndalama yotoleredwa kapena pa ndalama yoyenera kutoleredwa, chifukwa ejenti amene amalandira zake ngakhale nyumba ili yopanda munthu alibe chomufulumizitsa kupeza wolowamo. Ndinafuna kudziwanso kumene dipoziti imasungidwa, ndiponso tsiku limene ndalama imafika kwa ine. Tsikulo lili ndi kanthu, pakuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama yogona m'manja mwa wina imagula simenti yochepa ikamadzafika.

Njira ya wachibale ndinaiganizira mofatsa. Wachibale akamatolera lendi, maliro kapena fizi ya mwana zikabwera ndalamayo imabwerekedwa, ndipo kufunsa malisiti kwa amalume kumamveka ngati kuwatcha akuba. Chizindikiro choyamba chimakhala mawu akuti "a nyumba yapakati sanapereke mwezi uno", pamene eni akewo ukawaimbira amanena tsiku limene anapereka.

Ndinasankha kuyendetsa ndekha, koma maso ndinalemba ganyu. Mlongo wanga amene amakhala ku Luchenza amapita kumeneko kamodzi pa mwezi, ndipo ndimamupatsa K20,000 yokhazikika kuphatikizapo thiransipoti, kuti ikhale ntchito osati chifundo. Ndalama ya lendi saigwira. Amajambula siling'i ya chipinda chilichonse, ngalande, chimbudzi ndi nambala za pa mita ya madzi, n'kunditumizira pa WhatsApp. Nambala za pa mita zikakwera kwambiri anthu ali omwewo, ndimadziwa kuti paipi ikudontha penapake ndipo ndimaitana pulambala. Ntchito yosapitirira K50,000 amavomereza yekha, yoposa pamenepo ndimafuna mitengo ya amisiri awiri, ndipo ndimalipira mmisiriyo mwachindunji.

Mgwirizano wa lendi ndinaulembetsa kwa loya, ndipo umanena tsiku lolipira, dipoziti, nthawi ya notisi ndi kagawidwe ka bilu ya madzi potengera chiwerengero cha anthu a m'nyumba iliyonse. Loya yemweyo anakonza kalata yopatsa mlongo wangayo mphamvu yosaina mgwirizano ndi kundiimira kukhoti ngati wina wakana kutuluka, koma kalatayo imanena momveka kuti alibe mphamvu yogulitsa malowo kapena kuwaika chikole. Nyumbazi zikadzafika zisanu ndi imodzi ndidzabwerera kwa ejenti uja, chifukwa pamenepo gawo lake lidzakwanira kuti ndimuumirize kulemba mumgwirizano ulendo wa mwezi ndi mwezi.