Lachinayi: ndasaka mneni tsiku lonse

Mangochi watentha lero, ngakhale mphepo yochokera ku Shire yabwera yofunda. Magetsi anathima ndisanathe kumwa tiyi, ndiye ndinatulutsa katebulo pakhonde ndi masamba 18 amene mwana wa mlongo wanga anandisiyira dzulo. Mtsikanayu anachita kafukufuku wa amayi a m'makomiti a m'madooko ku nyanja ya Malombe, makomiti amene anayamba cha mu 1993 chambo chitasowa m'nyanjamo. Tsopano walemba nkhani yake m'Chichewa kuti eni madooko aiwerenge okha. Pondipatsa anati, "Malume, mungoona kalembedwe ka mawu basi, zina zonse zili bwino."

Kalembedwe ka mawu kanalidi bwino. Chimene chinandiimitsa ndi chiganizo ichi cha patsamba 4:

"Kuchepa kwa kutengapo mbali kwa amayi m'kayendetsedwe ka makomiti a kasamalidwe ka nsomba a m'madooko a nyanja ya Malombe ndi chotsatira cha kusaganiziridwa kwa kagawidwe ka ntchito za pakhomo pa kakonzedwe ka nthawi za misonkhano."

Ndinachiwerenga mokweza, mpweya unandithera ndisanafike pa Malombe. Mayi a kunyumba, amene ankasankha mpunga pambali panga, anadzutsa mutu n'kufunsa, "Bambo, ndiye wachita chiyani ndani?" Ndinasowa choyankha.

Ndinatenga pensulo n'kuyamba kuwerengetsa. Mawu alipo 35. Mneni amene wanyamula chiganizo chonsecho ndi mmodzi, kamawu koti "ndi", ndipo kakubwera munthu atadutsa kale mawu 19. Aneni enieniwo alimo, koma avekedwa zovala za mayina. Kusamalira kwasanduka kasamalidwe, kugawa kwasanduka kagawidwe, kukonza kwasanduka kakonzedwe, ndipo kuganizira kwapindidwa mpaka kukhala kusaganiziridwa. Ndinazunguliza mawu otere 8. Kenaka ndinadula mzere pansi pa timawu tomangirira, kwa, ka, a, ya, cha ndi za, ndipo ndinapeza 14.

Timawu timeneti n'tabwinobwino tikakhala tiwiri kapena titatu. Tikachuluka, wowerenga amataya mchira. Taonani "a m'madooko" uja. Wabwera pambuyo pa nsomba, koma sakukamba za nsomba, chifukwa akadatero akadakhala "za m'madooko". Akulumpha mawu angapo kubwerera kwa makomiti. Wowerenga papepala angathe kubweza maso n'kuzipeza. Koma nkhaniyi adzaiwerenga mlembi wa komiti pansi pa mtengo, anthu akumvetsera, ena mwa iwo Chiyao ndiye chiyankhulo chawo cha kunyumba. Khutu silibwerera m'mbuyo.

Njira yanga ndi yakale, ya m'kalasi. Dzina lililonse lozunguliza ndimalibweza kukhala mneni, ndiyeno ndimalifunsa kuti mwininkhani wako ndani. Kutengapo mbali: akutenga ndani? Amayi. Kasamalidwe ka nsomba: akusamalira ndani? Makomiti, choncho "makomiti osamalira nsomba" zakwana, timawu tiwiri tachoka. "A m'madooko a nyanja ya Malombe" ndinangoti "m'madooko a ku Malombe". Pa kusaganiziridwa ndi pomwe ndinakakamira. Mayina a mtundu wa -idwa ndi -idwe amachokera kwa mneni wa msintho wochitidwa, ndipo msintho umenewu umalola kuti wochitayo asatchulidwe n'komwe. Sakuganizira ndani? Papepala panalibe. Ndinangoganiza kuti ndi apampando, n'kulemba motere:

"Amayi ochepa okha ndi amene amayendetsa nawo makomiti osamalira nsomba m'madooko a ku Malombe, chifukwa apampando akamaitanitsa misonkhano saganizira ntchito za pakhomo."

Ndinakhutira nacho, mpaka ndinadzuka kukagula usipa wa ndiwo kumsika ndikuimba kamluzu.

Mwini nkhani anafika cha m'ma 2 koloko pa kabaza, thukuta lili kamukamu. Anawerenga chiganizo changacho kawiri, nkhope n'kugwa.

"Malume, izi sindinanene ine."

"Chalakwika n'chiti, mwanawe? Si zomwezo, kungoti zayera?"

"Amayiwo si ochepa. M'makomiti amene ndinayendera alimo ndithu, mayina awo ali m'kaundula. Vuto n'loti salankhula. Ndiye za apampandozi mwazitenga kuti? Kwina amaitanitsa ndi amfumu, kwina alangizi, kwina sindinafunse n'komwe."

Ananena zoona, ndipo ndinachita manyazi pang'ono. Mawu oti "kuchepa kwa kutengapo mbali" amanyamula matanthauzo atatu nthawi imodzi: amayi alipo ochepa, kapena alipo koma amachita zochepa, kapena kale ankachita zambiri pano zatsika. Ine ndinatola limodzi, losakhala lake. Ndipo pofuna kudzaza mpando wa mwininkhani ndinakhazikapo anthu amene kafukufuku sanawaloze chala. Akadaiwerenga nkhaniyo padooko, wapampando wina akadaimirira n'kufunsa umboni.

Panatsala "chotsatira cha". Ine ndinamusandutsa "chifukwa", ndipo atangooneka poyera chonchi, mwanayo mwiniwake anadodoma. Ndinamufunsa ngati anaona komiti imene inasintha nthawi ya msonkhano amayi n'kuyamba kulankhula. Anati ayi, zimenezi anamuuza ndi amayi amene anacheza nawo. Ndiye kuti chimene ali nacho m'manja ndi mawu a amayiwo, osati chigamulo choti ichi chabala icho. Chiganizo chakale chija chinkanena zoposa umboni wake, kungoti palibe akadaona m'nkhalango ya kwa ndi ka ija.

Anatulutsa kope lake la kumadooko, lothimbirira ndi mafuta a nsomba, tinalemba limodzi:

"M'makomiti osamalira nsomba m'madooko a ku Malombe amayi alimo, koma salankhula kwambiri. Amene tidacheza nawo adati misonkhano imaitanidwa m'mawa, iwo ali kotunga madzi ndi koyanika nsomba, ndipo amafika nkhani zitagamulidwa kale."

Mawu 31, kusiyana ndi akale ndi 4 okha, ndiye asakunamizeni wina kuti ntchitoyi ndi yofupikitsa. "Imaitanidwa" tinamusiya dala mu msintho wochitidwa, poti m'madooko ena woitanayo sadziwika. "Kagawidwe ka ntchito za pakhomo" kanasanduka ndowa ndi thandala la nsomba, zomwe zinali m'kope mwake nthawi yonseyi.

Sitinachotse onse. Umphawi ndi dzina ndipo ukhala dzina. Jenda tinaisiya. Pali mawu amodzi, "kasamalidwe kogawana", amene anawamasulira patsamba 2 kuti akutanthauza boma ndi asodzi kuyang'anira nyanja pamodzi, ndipo akubwera m'nkhani yonse. Awo ndinakana kuwakhudza, chifukwa ukawasintha apa ndi apo wowerenga amayesa zinthu ziwiri zosiyana. Komanso chiganizo chotsatira tinachiyamba ndi "Kuchedwaku", ndipo chinakhala bwino, poti wowerenga waona kale amene akuchedwa ndi kumene achedwera.

Anandiuza kuti analemba choncho poopa kuti anzake ophunzira aziti nkhaniyo ndi yopepuka. Sindinamutsutse kwambiri, nanenso ndinalembapo malipoti otero ndili pantchito. Ndinangomuuza kuti malire anga ndi timawu tomangirira titatu motsatana, tikapitirira apo chiganizo chidulidwe.

Magetsi anabwera dzuwa litapendeka, ife tili patsamba 7. Wapita ndi masamba 11 otsalawo ndi pensulo yanga, akuti azunguliza yekha usiku uno. Mawa m'mawa akwera minibasi ya ku Chimwala kukafunsa amene amaitanitsa misonkhano m'madooko amene sanafunse aja. Usipa uja mayi auphika ndi tomato, ndipo akundiitana.