Kankhani ka Tamanda ndi chaka cholakwika cha 1953

Mtima wakhala pansi tsopano, anzanga a kalasi yolemba nthano. Kankhani kanga kaja kayamba kuyenda. Za chiyambi, pachimake ndi mathero sindinenapo, nonse munazilemba m'makope.

Kwa amene simunakawerenge: Tamanda ndi mtsikana wa ku Katete, ali chaka choyamba pa yunivesite ina muno mu Lusaka, amagona m'nyumba ya lendi ku Kalingalinga. Malungo atamugoneka, mnzake Dalitso anamutumizira manotsi a mbiri ya Zambia pa WhatsApp. Tamanda analembera asainimenti pa manotsi omwewo, kenako anaitanidwa ku ofesi kuti wakopera.

Chimene chinkandimanga n'chakuti, kodi mphunzitsi adziwa bwanji? Ana a kalasi imodzi akalemba kuti dziko linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, palibe mlandu, chifukwa choona aliyense angachipeze payekha. Chogwiritsa munthu ndi cholakwa chofanana. Likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935. M'manotsi a Dalitso manambala awiri omaliza anatembenuka, n'kukhala 1953. Ndipo 1953 sichita kudabwitsa maso, poti ndi chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba, choncho wodwala amene akuthamangira tsiku lopereka sangachikayikire. Mapepala awiri okha m'mulu wonse, la Tamanda ndi la Dalitso, ndiwo ali ndi 1953, m'chiganizo chofanana mpaka pamene pali mpumiro.

Apa ndi pamene panditsegula mutu. Cholakwa chofananacho chimangosonyeza kuti madzi anatungidwa pachitsime chimodzi, koma sichinena amene anatunga poyamba. Ngakhale Turnitin imangoonetsa mawu ofanana ndi peresenti yake, kuweruza kumatsalira munthu. Ndiye nkhani yanga sikuti "kodi agwidwa?" ayi. Nkhani ndi foni imene ili m'thumba mwa Tamanda. Muli uthenga wa Dalitso, tsiku ndi nthawi yake zikuoneka. Akautulutsa, zadziwika kuti sanabe pepala la mnzake, koma wamupereka munthu amene anamuthandiza ali pamphasa. Komanso iye mwini sayera kwenikweni, chifukwa chiganizocho anachinyamuladi osasintha, osatchula kumene chachokera. Dalitso naye anachitapa m'buku osaika zizindikiro za mawu a mwini, moti Tamanda sakanasiyanitsa mawu a mnzake ndi a wolemba buku.

Mu ofesimo ndalemba motere:

"Tamanda, likulu linabwera liti ku Lusaka?"

"Mu 1953, bambo."

"Unachiwerenga m'buku liti chimenecho?"

Basi, sayankha. Dzanja lili pa zipi ya chikwama.

Kuti zimenezi zigwire, owerenga ayenera kuchiona chaka cholakwikacho kale, patsamba loyamba, Tamanda akukopera manotsi usiku magetsi atazima, akuunikira ndi foni. Sindichiloza chala. Wodziwa mbiri adzidzimuka yekha, wosadziwa adzabwerera m'mbuyo akafika mu ofesi muja.

Ndinazipeza bwanji? Timakadi. Chochitika chilichonse pa kakhadi kake, pansi pake mafunso awiri: ndani akudziwa chiyani pano, ndipo ndani sakudziwa? Mukaziyala pabedi mumaona msanga kakhadi kamene aliyense akudziwa zofanana, ndipo kameneko ndi kakufa, kachotseni. Kwa ine palibe nkhani yodwala imene timakadi sitingaichize. Wina m'gulu lathu akuti ndakokomeza, akuti ndakatulo sizifuna zimenezi. Mwina, koma ife tikulemba nthano.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anangolemba m'mphepete mwa kankhani kanga ndi cholembera chofiira kuti "palibe mkangano", osawonjezapo kanthu. Mkangano wotani, pakati pa yani? Ukapita ku ofesi upeza mzere, ukafika pakhomo akuti ali ndi miting'i. Sindikuwada, mapepala amene amachonga ndi ambiri, koma mawu awiri okha sakonza nkhani. Onjezanipo nthawi imene imathera m'minibasi pa Great East Road madzulo, ndiye kulemba kumayamba anthu atagona.

Chatsala ndi mathero, ndipo apa sindinatsimikize. Tamanda akatulutsa foni, ndikuopa kuti owerenga amuda. Akapanda kutulutsa n'kulandira ziro yekha, asanduka woyera mtima amene owerenga sangamukhulupirire, poti ndi makolo ake ku Katete amene anagulitsa mtedza kuti alipire fizi. Ndayesa kuti Dalitso alowe yekha n'kuulula, koma zikumveka zophweka kwambiri, mnyamata wa chaka choyamba amene naye akuopa kuchotsedwa sangachite zimenezo mosavuta. Ndiponso sindikudziwa ngati mphunzitsi weniweni angayambe ndi funso la chaka lija, kapena angangoika mapepala awiriwo patebulo n'kukhala chete. Tikupereka Lachisanu, ndipo kakhadi komaliza sindinalembepo kanthu.