Mawotchi awiri a ku Bombay

Ndakhala ndikuwerenga za India wa m'zaka za m'ma 1800, ndipo chandigwira mtima ndi nkhani ya mawotchi. Sitima yoyamba yonyamula anthu ku India inayenda mu 1853 kuchokera ku Bombay kupita ku Thane, pamene mzinda uliwonse unkawerenga nthawi potengera dzuwa lake. Njanji zitalumikizana, zimenezi zinakhala zoopsa, chifukwa sitima ziwiri zoyenda pa njanji imodzi ziyenera kugwirizana mphindi yoti zipatukirane. Choncho njanji zinatenga nthawi ya ku Madras, yomwe inkatumizidwa kumasiteshoni pa waya wa telegalafu. Nthawi ya ku Bombay inkatsalira ndi pafupifupi theka la ola, moti wamalonda wotumiza thonje kudoko ankayenera kukumbukira mawotchi onse awiri.

Ine ndikuona kuti waya umenewu unatumikira kwambiri atsamunda. Mu Meyi 1857, asilikali achimwenye oukira atalowa mu Delhi, uthenga wa pawaya unafika ku Punjab msanga, ndipo Angerezi a mumzinda wa Lahore kumeneko analanda mfuti asilikali awo achimwenye iwo asanachitepo kanthu.