Chenji changa pa ovanaiti

Pa 31 Disembala mpingo wathu umachezera kupemphera mpaka kutacha. Ine ndinaganiza kuti usiku wautali umafuna mimba yokhuta, ndiye ndinakonkha mitanda inayi ya nsima ya nyemba, nditaswera kumunda tsiku lonse osapumako. Nditafika ndinasankha benchi la kukhoma, koti msana utsamire bwino.

Mpaka 12 koloko zonse zinali bwino, chifukwa makolasi ndi ng'oma sizimpatsa munthu mpata wosinza. Vuto limayamba 2 koloko mpaka cha m'ma 4, pamene thupi limazizira ndi kufuna bulangete, kaya ndiwe mkulu wa mpingo kaya ndiwe wakwaya. Nthawi imeneyo ndi imene abusa anandipatsa maikolofoni kuti nditsogolere pemphero la odwala. Ndinagwada, n'kutsamiritsa mutu pa benchi, n'kutsinzina. Ndikukumbuka kuti ndinatchula odwala awiri.

Akuti poyamba anthu ankayesa kuti jenereta yayamba kuvuta. Mnyamata wa zokuzira mawu anatuluka panja kukaiona, koma anaipeza ili bwinobwino. Unali mkonono wanga, ukutuluka m'masipika onse. Abusa atandigwira paphewa, ine ndinali m'minibasi ya ku Limbe, ndipo ndinakuwa maikolofoni ili pakamwa: "Kondakitala, chenji changa!"

Panthawi ya tiyi anandiitana agogo ena amene ndinawaona akuzungulira m'tchalitchi usiku wonse.

"Mwanangu, wadya chiyani?"

Ndinawauza. Anaseka mpaka kukhosomola.

Iwo akuti tsiku la ovanaiti amagona masana ola limodzi kapena awiri, ndipo amadya pang'ono dzuwa lisanalowe, mbatata kapena mtanda umodzi basi. Tiyi amamwa kapu imodzi pakati pa usiku, shuga wochepa, kenako madzi okhaokha. Ikakwana 2 koloko sagwadanso. Amapemphera akuyenda, maso ali otsegula, mawu akutuluka pakamwa, poti pemphero la mumtima pa ola limenelo limathera kumaloto. Chizindikiro amachidziwa: akangoona kuti abwereza "Atate, Atate" kangapo osadziwa chotsatira, amatuluka kukasukusula.

Anandionetsanso kapepala kamene amapisa m'Baibulo. Analembapo zopempherera, chilichonse ndi mphindi zake khumi, pakati pake kolasi kapena salimo lowerenga mokweza. Akuti maganizo akathawira ku ngongole ya feteleza salimbana nawo, amangoipempherera ngongoleyo n'kubwerera pa kapepala.

"Nanga agogo, inu simunagonepo?"

"Werenga Machitidwe 20. Utiko anagona Paulo akulalikira, anagwa kuchokera pazenera la chipinda chapamwamba n'kufa. Iwe wangogwera pa benchi, uyamike."

Ndinayamikadi. Koma m'mawa pa chopereka, nditaponya K1,000 m'mbale, mkulu wa mpingo anaima pamaso panga osasuntha, n'kundifunsa monong'ona: "Achimwene, tikubwezereni zingati?"